Kubetcha kukayamba kuvuta mumadziwira pati? Mafunso ndi mayankho

Ine ndinakhalapo zaka zingapo pa kabenchi ka ejenti wa ndalama za pafoni, moyang'anana ndi shopu yobetchera, nde anthu oika ndalama za beti ndawaona ambiri, ena akubwera akuseka ena akubwera thukuta lili kamukamu dzuwa litalowa kale. Komanso mng'ono wanga weniweni, wa bere limodzi, anagweramo mpaka tinatsala pang'ono kumutaya. Mafunso ali apawa ndi omwe anthu amandifunsa akamva nkhani yake, ena amafunsa ngati akufunsira nzawo koma umachita kuoneratu kuti nzawoyo ndi iwo omwe.

Ndimangobetcha za 500 kapena 1,000 basi. Pamenepo pali vuto?

Kuchuluka kwa ndalama sikunena zambiri. Pali munthu amaika K5,000 Loweruka pa mpira, ikadyedwa amangopukusa mutu nkumapita kukagula ndiwo, Lolemba waiwala. Pali wina amaika K500 yokha koma K500 imeneyo inali ya sopo, ndipo ikadyedwa mtima sukhala m'malo mpaka apeze ina yoti abweze. Wachiwiriyu ndi amene ali pa ngozi olo ndalama yake ndi yochepa.

Nde musamafunse kuti ndaika zingati. Dzifunseni ziwiri izi. Choyamba, beti yomwe ndikufuna kuika panoyi ndikuikira chani, kusangalala ndi gemu kapena kubweza yomwe yapita? Chachiwiri, nditafunsidwa ndi akazi anga, amuna anga kapena mayi anga kuti mwezi uno waika zingati, ndingatchule nambala yeniyeni osachotserako? Mukakakamira pa limodzi mwa mafunso awiriwa, werengani mpaka pansi.

Kuthamangitsa ndalama yodyedwa nkutani kwenikweni? Si zachibadwa kufuna kubweza chako?

Kufuna kubweza nkwachibadwa inde, nchifukwa chake msamphawu umagwira anthu anzeru zawo. Munthu ukadyedwa K10,000 mutu umakuuza kuti ndalama ija ikadali yako, yangosungidwa kwinakwake, ukungoyenera kukaitenga. Koma ndalama ija inapita basi. Beti yotsatira siidziwa kuti munadyedwa, ilibe nanu ngongole.

Ndikuuzeni momwe zinamuchitikira mng'ono wanga, poti manambala ake tinakhala pansi nkuwalemba pa kope. Iyeyu amayendetsa kabaza wa njinga yamoto ya bwana wina, ndalama amapereka pa sabata. Anzake pa siteji anamuphunzitsa njira yoti "siluza" pa kandege, gemu ya pafoni ija yomwe ndalama yako imakwera kandege kakamauluka koma imapita yonse kakathawa usanaitulutse: ika K1,000, tulutsa ikafika pa 2, kutanthauza kawiri ya yomwe waika, ukadyedwa ika kawiri ya yomwe wadyedwayo, ukawina wabweza zonse nkutsala ndi K1,000 ya phindu. Masiku oyamba zinkayendadi, amabwera madzulo ndi nyama ya 3,000 akuti wapeza ntchito yachiwiri.

Lachisanu lina kandege kanathawa kasanafike pa 2. Anaika K2,000, kanathawa. K4,000, kanathawa. K8,000, K16,000, K32,000, konseko kakuthawa. Phatikizani muone, ndi K63,000 imeneyo, ndipo yambiri inali ya bwana yoti akapereke mawa lake. Kuti njira ija ipitirire pamafunika K64,000, iye analibe, nde usiku womwewo anapita kwa wa katapila amene anamupatsa K64,000 yoti adzabweze K96,000 pakutha pa mwezi. Anaika yonse kamodzi. Kanathawanso. K127,000 yapita, kuonjezapo K32,000 ya chiwongola dzanja, zonsezi pofuna phindu la K1,000.

Iye ankati ndi minyama, mwina wina wamuchita chipongwe. Ayi ndithu. Gemu ya kandege imene ambiri amaidziwa, Aviator, eni ake amanena poyera kuti imabweza 97 pa 100 iliyonse yomwe anthu onse aika. Kutanthauza kuti mwayi woti kafike pa 2 ndi wochepera theka pang'ono. Kudyedwa kasanu nkawiri motsatizana kumachitika pafupifupi kamodzi pa maulendo 100 omwe mwayamba mndandanda umenewu. Zikumveka ngati za patali, koma gemu imodzi imatha mu timasekondi, munthu wosewera usiku uliwonse maulendo 100 amawakwanitsa msanga. Tsiku limenelo limabwera basi, funso ndi loti lidzakupezani muli ndi ndalama ya ndani m'thumba.

Ndingadziwe bwanji kuti ndayamba kuthamangitsa?

Mvetserani mau omwe mukulankhula mumtima. "Ndingobweza yanga yokha nde ndisiya." "Sindingagone chonchi." "Kathawa kambiri, pano kakwera basi." Mau amenewa ndinkawamva pa benchi paja tsiku ndi tsiku. Munthu amabwera 5 koloko kuika K2,000 akucheza bwinobwino, kufunsa za kunyumba. 6 koloko wabweranso, K5,000, macheza achepa. Chamma 8 ndikutseka akubwera chothamanga, "amwene musatseke, ndiikireni 10 ndikupatsani mawa." Ulendo wachitatu umenewo nkhope imakhala ina, maso ali pa foni, sakukuyang'ana nkomwe.

Chinanso ndi mtundu wa gemu. Poyamba mumabetcha matimu omwe mumawadziwa, Bullets, Wanderers, kapena a ku England omwe mumaonera. Mukayamba kuthamangitsa simudikiranso Loweruka, mumaika pa ligi ya dziko loti simungaliloze pa mapu, mpira wa pakompyuta uja wotha mu maminitsi ochepa, chilichonse chomwe chikuseweredwa pa nthawi imeneyo olo 2 koloko usiku. Apo ndiye kuti si mpiranso womwe mukuufuna.

Tikiti yanga imangoduka ndi gemu imodzi. Si umboni woti ndatsala pang'ono kuwina?

Ili ndi bodza lopweteka kwambiri chifukwa limaoneka ngati zoona. Tiyeni tiwerengere. Mwaika magemu 10 pa tikiti imodzi, iliyonse yolipira 1.50 pa kwacha iliyonse, K1,000 yanu ikulonjeza pafupifupi K57,000. Tinene kuti gemu iliyonse ili ndi mwayi wa 63 pa 100 woti ilowe, poti kampani imadulako kake pa mtengo uliwonse. Mwayi woti zonse 10 zilowe ndi pafupifupi tikiti imodzi pa 100. Koma mwayi woti 9 zilowe imodzi ikane ndi pafupifupi matikiti 6 pa 100. Ndiye kuti "yaduka ndi imodzi" imachitika kasanu nkamodzi kuposa kuwina, mwa masamu chabe, osati poti mukuyandikira.

Tikiti yoduka ndi imodzi ndi yoduka ndi zisanu zonse zimalipira chimodzimodzi, ziro. Koma yoduka ndi imodzi ija mumaijambula nkutumiza pa gulu, anzanu nkumati eee aise unatsala pang'ono, mawa mukuika ina yokulirapo. Mukaona kuti kutsala pang'ono kukukupatsani mphamvu yoikanso m'malo mokukhumudwitsani, chimenecho nchizindikiro.

Nanga kubisa? Ndalama ndi zanga, ndiuziranji munthu?

Zoona, si chilichonse chomwe munthu amaulula. Koma pali kusiyana pakati pa kusanena ndi kugwira ntchito yobisa. Kugwira ntchito yobisa ndi uku: meseji ya Airtel Money kapena Mpamba ikangolowa mwaifufuta pompo. Mwagula simu ina yomwe kunyumba saidziwa. Foni yomwe kale imangokhala pa tebulo ana nkumaseweretsa pano ili ndi pasiwedi yatsopano ndipo mumapita nayo ndi kubafa komwe. Mukawina K20,000 mudzi wonse umva, koma K60,000 yomwe yapita mwezi womwewo palibe akuidziwa. Kenako amayamba mabodza enieni, salale yachedwa, andibera mu minibasi, bwana wandidula, ndabwereka nzanga wa maliro.

Pa benchi paja bambo wina wooneka bwino, wa tayi, ankandiuza nthawi zonse kuti "mayi akunyumba akabwera kudzatapa musawauze kuti ndinadutsa pano." Tsiku lina mayiwo anabweradi ndi mwana kumbuyo, atagwira kapepala ka fizi, kufunsa ngati netiweki ikuvuta poti bambo akuti atumiza kuyambira dzana koma sizikufika. Netiweki inali bwinobwino. Ndinangoti tayesani kuwaimbiranso mayi, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti ndinayankha choncho.

Chomwe chimapangitsa kubisa kukhala koopsa nchoti kumadyetsa kuthamangitsa kuja. Munthu wabisa K63,000, nde akuona kuti njira yokhayo yoti asagwidwe ndi kuibweza lisanafike tsiku lopereka, ndipo malo okhawo omwe akuganiza kuti angapeze ndalama yotero usiku umodzi ndi komwe anadyedwa komweko. Mng'ono wanga sanapite kwa katapila chifukwa chokonda kandege ayi, anapita chifukwa choopa kuima pamaso pa bwana ndi pamaso pa ine. Akanandiimbira pa K63,000 paja bwenzi titakangana, mwina kutukwanizana kumene, koma ngongole ikanathera pomwepo. Paja amati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Pali kubisa kwinanso, kodzibisira wekha. Funsani wobetcha aliyense kuti chaka chino uli pa phindu kapena ayi, ambiri amati "ndili pakatikati." Tsegulani mbiri ya akaunti yanu, lembani zonse zomwe mwaika miyezi itatu mbali imodzi, zomwe mwatulutsa nkufika m'manja mbali ina. Ngati mtima ukukana kuti muchite zimenezi, mwayankhidwa kale.

Zizindikiro zina ndi ziti kupatula ziwirizi?

Ndalama yomwe inkakusangalatsani kale siikukwananso, K500 ikuoneka ngati masewera a ana. Mwanenapo kuti ndasiya, mwina kuchotsa ndi apu yomwe, patatha masiku atatu mwaibwezeretsa. Tsiku lomwe simunabetche mumakhala olusa, mwana akangogwetsa kapu mwamukalipira ngati wapha munthu. Muli mu tchalitchi kapena pa ntchito koma mutu ukupanga tikiti. Mukakangana kunyumba kapena mukakhala ndi nkhawa pothawira panu ndi pa beti. Ndipo katundu wayamba kuyenda, wailesi ili pa pinyolo, thumba la chimanga lagulitsidwa mwakachetechete, ndalama ya banki mkhonde yomwe munatenga kuti muonjezere bizinesi sinafike ku bizinesiko.

Madokotala a za maganizo ali ndi mndandanda wa zizindikiro 9 mu buku lawo lotchedwa DSM-5 lomwe linatuluka mu 2013, ndipo amati munthu akakhala ndi 4 mwa zimenezi mkati mwa miyezi 12 ndiye kuti ndi matenda. Mu buku lomwelo juga anaiika gulu limodzi ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Bungwe la WHO nalonso limaiwerenga ngati matenda. Ine sindikunena kuti mudikire zikwane 4 ayi, kuthamangitsa ndi kunama zikangopezeka pamodzi zinazo zimabwera zokha.

Koma ine ndinawinapo ndalama yambiri, nde ndingakhale bwanji ndi vuto?

Ambiri omwe ndinawaona akumira anayamba ndi kuwina. Funso nkumati ndalama munawinayo inagona kuti. Ngati K200,000 inalowa Lamlungu ndipo pofika Lachitatu yabwerera komwe inachokera osagulako olo lata limodzi, simunawine, munangoisunga masiku atatu.

Ndikukayikira amuna anga (kapena mwana wanga). Ndiyang'ane chani poti iwo sanena?

Yang'anani ndalama ndi tulo. Ndalama zikusowa mosadziwika koma munthu sakumwa, sakuvala zatsopano, palibe chooneka chomwe wagula. Nchifukwa chake azimayi ambiri amayamba kuganiza za chibwenzi, poti zizindikiro zake zimafanana, foni yobisa, kutuluka panja usiku, mabodza a ndalama. Mowa umanunkha, chamba chimaoneka m'maso, koma juga ilibe fungo, munthu amatha kutaya salale yonse atakhala pa mpando womwewo mukuonera limodzi TV.

Usiku kuwala kwa foni mu bulangete mpaka mbandakucha. Kusinthasintha, lero wasangalala wagula fanta wa nyumba yonse, mawa salankhula ndi munthu. Anthu osawadziwa akuyamba kugogoda kufunsa kuti bambo alipo, kapena achibale akukuimbirani kuti ija anabwereka ija ibwera liti, inu osadziwa kuti anabwereka.

Kwa ana, lamulo la Malawi silola munthu wosakwana zaka 18 kubetcha, ndipo bungwe loyang'anira za juga ndi MAGLA. Koma mwana amatha kutsegula akaunti pa nambala ya mayi ake kapena kutuma mkulu wake. Nde ngati mwana wa sukulu akubwereka foni yanu pafupipafupi ndipo balansi ikuchepa ndi ma 200, ma 300, onani komwe ndalamazo zikupita, mbiri ya zotumiza imasonyeza.

Ndamugwira. Ndimulankhule bwanji, ndipo ngongole zake ndimubwezere?

Musamuyambe ali pa foni gemu ili mkati, kapena atangodyedwa kumene, pamenepo mukulankhula ndi khoma. Dikirani m'mawa, muli awiri. Nenani zomwe mwaona ndi manambala ake, osati zomwe iye ali. "Ndalama ya lendi K40,000 sinafike kwa alandilodi, ndipo ndaona mameseji a beti" zimatsegula pakamwa kusiyana ndi "ndinu mbava, mwatisaukitsa." Yembekezerani kuti akana kaye, kenako avomera theka. Nambala yoyamba yomwe angakuuzeni kawirikawiri si yonse. Wanga anayamba ndi kuvomera ya bwana yokha, ya katapila tinaimva patatha sabata ziwiri mwini ndalama atabwera pakhomo.

Za kubweza ngongole, apa ndi pomwe ine ndinalakwitsa. Ndinamupatsa K50,000 m'manja kuti akapereke kwa bwana, iye anaona kuti akaika kaye pang'ono atha kupeza ndi ya katapila yomwe. Inapita. Ngati mwaganiza zothandiza, ndalama isadutse m'manja mwake, pitani nokha kwa mwini ngongole, ndipo ndi bwino iye azibweza yekha pang'onopang'ono kuchokera pa zomwe akupeza. Mukangofufuta ngongole yonse kamodzi, mwamuyeretsera dzina kuti akabwerekenso. Ndipo tetezani zanu, sinthani pini, ndalama ya fizi ndi ya chakudya isakhale pomwe angaifikire. Kumeneko si kumuda ayi.

Ndazindikira kuti ndine. Ndiyambire pati lero lomwe?

Uzani munthu mmodzi nambala yonse, yeniyeni, ndi mayina a onse omwe muli nawo ngongole. Ichi ndiye chovuta kuposa zonse ndipo ndi chomwe chimathyola msana wa vutoli, chifukwa chinsinsi chikatha chifukwa chothamangitsira chimachepa. Kenako vomerezani mokweza kuti yomwe inapita siibwera.

Zikatero tsekani njira. Uzani kampani yomwe mumabetchako kuti itseke akaunti yanu, osangochotsa apu poti kubwezeretsa ndi mphindi imodzi. Tulukani m'magulu a WhatsApp ogawana matikiti. Ndalama ikalowa isagone mu foni, perekani kwa amene mwamuuza uja azikupatsani ya tsiku. Ngati mumadutsa pa shopu yobetchera pochokera ku ntchito, sinthani njira olo italike. Loweruka masana ndi tsiku lolandira ndi nthawi zoopsa kwambiri, konzeranitu kuti mudzakhala ndi ndani.

Ngati mwayesa kangapo zikukanika, pitani kuchipatala, si zamanyazi. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu a mavuto a maganizo ndi zizolowezi zovuta kusiya, ku Zomba kuli chipatala cha boma cha matenda a maganizo, komanso pa chipatala chachikulu cha boma lanu mutha kufunsa wa za maganizo.

Akunena kuti bola kungofa. Akungotiopseza?

Musayese dala kuti muone. Ngongole yobisika pamodzi ndi manyazi zimamufikitsa munthu poganiza kuti palibenso potulukira, ndipo anthu a vuto la juga amakhala pa chiopsezo chachikulu chodzipha. Akayamba mau oti "mudzapuma ine ndikachoka," kapena wangokhala phee modabwitsa pambuyo pa masiku a nkhawa, kugawa zinthu zake, musamusiye yekha. Mufunseni mosapsatira ngati akuganiza zodzipha, kufunsa sikumuika maganizowo. Chotsani mankhwala a mbewu ndi a makoswe m'nyumba, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Za ngongole muuzeni kuti tikhala pansi tiona, olo musakudziwa kuti muona bwanji. Ngati ndinu amene mukuganiza zimenezi, dzutsani munthu pompano olo ndi usiku, muuzeni momwe mwawerengera apamu.

Wanga ndinamupeza usiku wina atakhala kuseri kwa bafa mu mdima, foni ili pansi, akungoti achimwene ine ndatopa. Ndinagona naye chipinda chimodzi sabata yonse.

Wasiya miyezi iwiri tsopano. Kuika ya 200 yokha pa gemu yaikulu kuli ndi vuto?

Kwa munthu amene anafika pothamangitsa ndi kunama, ine ndimati ayi asayese. K200 ikadyedwa mau aja a "ndingobweza" amadzuka, ikawina nde zoopsa kuposa, amati mwaona ndayamba kuidziwa. Mng'ono wanga anabwererako kamodzi atasiya miyezi inayi, inali fainolo, anaika K500 pa foni ya nzake, pofika usiku anali atadyedwa K18,000. Kusiyana kwake nkoti ulendo uno anabwera yekha m'mawa kudzandiuza ndisanamve kwa wina, nde tinaitseka pa 18 pomwepo. Njinga ija bwana anamulanda kalekale, pano akuyendetsa ya munthu wina, ndalama amasiya kwa mlamu wanga madzulo aliwonse, ndipo ya katapila yatsala K20,000.